Nyimbo yazimitsidwa, wojambula akufuna ndalama: kavidiyo ka bizinesi kali ndi eni ake angati?

"Ndili ndi shopu yosoka zovala ku Chilenje, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook ndi pa TikTok. Sabata yatha ndinaika kavidiyo ka diresi la chitenge limene ndinasokera mkwatibwi wa kitchini pate, n'kuikamo nyimbo yomwe ikumveka m'minibasi monse mu Lusaka masiku ano. Facebook inazimitsa mawu, ndipo nditafuna kulipira kuti kavidiyoko kafike kwa anthu ambiri, anakana. Kenaka wojambula zithunzi wa paphwandopo wandilembera kuti ndichotse chithunzi chake kapena ndilipire. Koma diresi ndinasoka ndine, nyimboyo aliyense akuigwiritsa ntchito, dzina la woimba ndinalilembanso. Ndalakwa pati? Nanga zithunzi za masitayilo zimene ndimatenga pa Pinterest n'kuika pa fulaya?"
Mayi wa ku Chilenje

Amayi, diresi ndi lanu ndithu, palibe angakutsutseni. Koma m'kavidiyo kameneko muli zinthu zinanso zitatu zomwe si zanu: nyimbo, chithunzi, ndi nkhope ya mkwatibwi. Chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo chilolezo cha mmodzi sichiimira mnzake. Ndiyamba ndi nyimbo chifukwa ndiyo ingathe kukutayitsani peji imene mwaivutikira zaka.

Kuno ku Zambia nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Copyright and Performance Rights Act, la chaka cha 1994, lomwe lili pa mutu 406 wa malamulo a dziko lino ndipo linakonzedwanso mu 2010. Lamuloli limapatsa wopeka nyimbo, wojambula chithunzi kapena wolemba mphamvu yoti iye yekha ndiye alole kapena akane kuti ntchito yake ikopedwe kapena ifalitsidwe kwa anthu. Mphamvu imeneyi imabadwa pomwe ntchitoyo yapangidwa. Sasowa kuti akailembetse ku ofesi, sasowanso kuika chizindikiro chilichonse pachithunzi. Ndipo popeza Zambia inalowa m'pangano la Berne, limene maiko anagwirizana kutetezerana umwini wa ntchito zotere, mu 1992, nyimbo ya ku Nigeria, ya ku Congo kapena ya ku Joni imatetezedwa kuno monga momwe imatetezedwera ya mnyamata wa ku Matero.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nyimbo imodzi imakhala ndi umwini uwiri. Woyamba ndi wa nyimboyo payokha, mawu ake ndi maimbidwe ake, ndipo umakhala wa amene anaipeka. Wachiwiri ndi wa mawu ojambulidwa mu situdiyo, amene timamva pa wailesi, ndipo kawirikawiri umakhala wa kampani kapena munthu amene anayendetsa ndi kulipira kujambulako. Woimba amene mukumudziwa ndi dzina akhoza kukhala kuti alibe umwini ngakhale umodzi mwa iwiriyi. N'chifukwa chake ngakhale mutakumana naye ku Manda Hill iye n'kukuuzani kuti "palibe vuto amayi, ikani", makina a Facebook akhoza kuzimitsabe kavidiyo kanu, pakuti amene analembetsa nyimboyo m'makinamo ndi kampani yake yofalitsa nyimbo. Komanso mukauza mwana wa achemwali anu kuti aimbe yekha nyimboyo, kapena woimba kiyibodi wa ku tchalitchi aiimbe, mwazemba umwini wachiwiri wokha. Woyamba uja ukadalipo.

Kulemba dzina la woimba ndi ulemu wabwino, koma si chilolezo. Zili ngati mutatenga mpukutu wa chitenge ku Kamwala osalipira, n'kumauza aliyense wobwera m'shopu dzina la sitolo imene mwautenga. Mwanena zoona, koma ngongole ikadalipo. Chimodzimodzinso mawu a Chingerezi amene anthu amalemba pansi pa mavidiyo, onena kuti nyimboyi si yanga, sateteza munthu, angokhala umboni woti mumadziwa kuti mwatenga cha mwini. Palinso mphekesera yoti ukagwiritsa ntchito masekondi 15 kapena 30 okha ndiye kuti sunalakwe. Lamulo silitchula nambala ya masekondi. Limayang'ana ngati mwatenga mbali yofunika ya ntchitoyo, ndipo kolasi imene aliyense amaizindikira ikangoyamba ndiye mbali yofunika kwambiri, ngakhale ikhale ya masekondi 8.

Tsono bwanji anzanu akuvina nyimbo yomweyo popanda vuto? Apa m'pamene pali mfundo yeniyeni. Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, inapangana ndi eni nyimbo kuti anthu aziika nyimbo zotchuka m'mavidiyo awo, TikTok nayonso inachita chimodzimodzi. Koma mapanganowo ndi a munthu wongosangalala, wovina pa tsiku lake lobadwa kapena woonetsa ulendo wake wa ku Chipata. Sakhudza kutsatsa malonda. Nyimbo ikamamatizidwa ku vidiyo yoitanira makasitomala, eni ake amaiona ngati yotsatsa ya pa wailesi yakanema, ndipo chilolezo chake n'chapadera, chimagulidwa pachokha. N'chifukwa chake akaunti ya bizinesi pa Instagram kapena pa TikTok imaona nyimbo zochepa poyerekeza ndi akaunti ya munthu wamba. Si kuti foni yanu yavuta. N'chifukwa chomwechonso anakukanirani mutadina Boost: mukangoika ndalama kuti positi ifalikire, palibenso kukayika kuti ndi malonda.

Pali kanjira kachidule kamene achinyamata amaphunzitsana, koti musinthe akaunti ichoke pa bizinesi ikhale ya Creator, kapena musinthe gulu la bizinesiyo, nyimbo zonse n'kutseguka. Zimatsegukadi. Koma chimene chasintha ndi zimene foni ikukuonetsani, pangano lija silinasinthe, ndipo kavidiyo kogulitsa madiresi kakadali ka malonda ngakhale kachokere pa akaunti yotchedwa dzina lanu la ubatizo. Ine sindingakulangizeni njira imeneyi. Chenjeraninso ndi mawu olembedwa kuti Original audio pa Instagram kapena original sound pa TikTok. Mawuwo amangotanthauza kuti wina anakweza yekha phokosolo, ndipo nthawi zina mkati mwake muli nyimbo ya mwini yomwe aifulumizitsa pang'ono kuti makina asaizindikire. Tsiku limene makina adzaizindikire, mavidiyo onse amene anaibwereka amakhala chete nthawi imodzi, ena patapita miyezi.

M'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zingachitikire positi. Choyamba ndi chimene chakuchitikirani, kuzimitsidwa kwa mawu. Apa palibe munthu amene wakudandaulirani. Makina, amene ku Meta amatchedwa Rights Manager ndipo ku YouTube ndi Content ID, ayerekeza phokoso la kavidiyo kanu ndi nyimbo zimene eni ake anasungitsa, n'kupeza kuti zikufanana. Chachiwiri n'cholemera: mwini wake weniweni, munthu kapena kampani, walemba dandaulo, positi n'kuchotsedwa yonse. Zikatero mumalandira uthenga wonena kuti yachotsedwa chifukwa cha dandaulo la umwini, ndipo nthawi zambiri mumapatsidwa dzina la wodandaulayo kuti mukambirane naye. Madandaulo otere akachuluka, Meta imatseka peji kapena akaunti, ndipo YouTube imatseka tchanelo chikalandira machenjezo atatu m'masiku 90. Pa Instagram mukhoza kuona pamene mwaima mukatsegula Account Status. Tsono uthenga wa kuzimitsa mawu ukabwera ndi mwayi wotsutsa, musadine kuti muli ndi chilolezo pamene mulibe. Kutsutsako kumapita kwa mwini nyimbo, ndipo nkhani imene inali ya makina okha mwaifikitsa nokha m'manja mwa munthu amene angathe kuisandutsa dandaulo.

Mwina mukuganiza za ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za oimba ndi opeka nyimbo kuno ku Zambia, monga momwe COSOMA imachitira ku Malawi. Laisensi imene mashopu, masaluni ndi mabala amalipira kumeneko ndi ya kuimba nyimbo poyera, kuti makasitomala azimva ali m'shopu. Musaiwerengere ngati chilolezo cholumikiza nyimbo ku vidiyo yotsatsa malonda. Mukafuna nyimbo inayake ya kuno kwathu ndi mtima wonse, ZAMCOPS ndi malo abwino ofunsira kuti mwini wake ndani, kenaka mukambirane ndi mwiniyo kapena manijala wake, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.

Tiyeni tikonzenso kavidiyo kanu kaja kuchokera poyambira. Pezani vidiyo yoyamba imene ili m'foni, isanaikidwe nyimbo. Imvetsereni bwino, pakuti ngati inajambulidwa paphwando, kumbuyo kukumveka zimene DJ amaimba, ndipo makina amagwira nyimbo yakumbuyo monga momwe amagwirira yoikidwa dala. Wailesi yolira m'shopu pamene mukujambula imachitanso zomwezo. Chotsani phokoso lonse, musunge vidiyo yopanda mawu. Imeneyi ndiyo mbewu yanu, ndipo muzichita chonchi ndi vidiyo iliyonse kuyambira lero.

Kuchokera pa mbewuyo mupange makope awiri. La Facebook ndi Instagram mulipatse nyimbo yochokera mu Sound Collection ya Meta, nkhokwe yaulere imene Meta inakonzera mavidiyo a pa masamba ake, a malonda omwe. La TikTok mulipatse nyimbo yochokera mu Commercial Music Library. Musatenge la TikTok lili ndi nyimbo yake n'kukaliponya pa Facebook, ngakhale kuti ndi zimene pafupifupi aliyense amachita, chifukwa chilolezo cha nkhokwe ya TikTok chimathera pa TikTok pomwepo. Ngati mumakonzera mavidiyo mu CapCut, kupezeka kwa nyimbo mmenemo sikutanthauza kuti ndi yololedwa pa malonda, choncho ndi bwino kutulutsa vidiyo yopanda nyimbo n'kukaiika nyimboyo pa tsamba limene mukufalitsirapo. Mukasankha nyimbo, jambulani sikirini yoonetsa dzina lake ndi nkhokwe imene yachokera, musunge m'foda imodzi. Nkhokwezi zimasintha, nyimbo zina zimachotsedwa, ndipo chithunzi cha sikirinicho ndicho chidzakuyankhulireni tsiku limene mudzafunsidwe.

Ndikudziwa chimene mungadandaule: nyimbo za m'nkhokwezi sizikoma ngati zathu, sizinunkhira Lusaka. N'zoona. Pali njira ziwiri zothetsera zimenezi, ndipo zonse ndimazikonda kuposa nkhokwe. Yoyamba ndi mawu anu omwe. Phokoso la makina osokera, lumo likudula nsalu, ndi inu mukufotokoza kuti diresi ili latenga zitenge ziwiri, mkati muli laining'i, likhoza kutha m'masiku angapo, zonsezi ndi zanu, ndipo mukhoza kuziika pa tsamba lililonse n'kulipira kuti zifalikire popanda wokufunsani. Kasitomala wa telala amafuna kumva telalayo.

Yachiwiri ndi kupangitsa kanyimbo kanukanu ka masekondi 20 kapena 30 kwa polodyusa wa m'masitudiyo ang'onoang'ono amene ali mbwee m'makomboni athu. Pano ndikhalitsepo, chifukwa anthu amalipira ndalama zawo n'kugwabe m'dzenje lomwelo. Polodyusa wina amangotsitsa biti pa YouTube yolembedwa kuti ndi yaulere, n'kuimbapo dzina la shopu yanu. Mabiti ambiri otere ndi aulere pokhapokha ngati supangira ndalama. Wina amadula kachidutswa ka nyimbo yakale ya kalindula n'kukalowetsa mkati. Winanso amapanga biti yakeyake ndithu, koma pakapita miyezi amaigulitsanso kwa woimba, woimbayo n'kuitumiza ku kampani yofalitsa nyimbo pa intaneti, kampaniyo n'kuilembetsa m'makina aja. Mawa lake kanyimbo kamene munalipira nokha kayamba kuzimitsidwa pa peji yanu. Choncho musanapereke ndalama, lembani kapepala kapena uthenga umene iye avomereze, wonena zinthu zinayi izi m'mawu osavuta: kuti biti ndi mawu wazipanga yekha osatengako kwina, kuti umwini wonse ndi wa shopu yanu, kuti sadzaigulitsa kapena kuipereka kwa wina, ndiponso kuti sadzailembetsa ku kampani yofalitsa nyimbo. Asainire, ndipo musunge umboni wa malipiro, ngakhale ukhale uthenga wa mobayilo mane.

Nyimbo zakale nazo zimanyenga. Kuno umwini wa wopeka umakhala moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, choncho nyimbo ya munthu amene anamwalira mu 1960 ndi yomasuka tsopano. Koma kwaya ikaijambula chaka chatha, mawu ojambulidwawo ndi a kwayayo kapena a situdiyo yake. Mungathe kuiimba nokha, koma simungatenge chimbale chawo.

Tsopano za wojambula zithunzi uja. Musafulumire kumulipira, musafulumirenso kumukalipira, chifukwa yankho likudalira funso limodzi: anamuitana ndani paphwandopo? Lamulo lathu pano likusiyana ndi la maiko monga Britain ndi America, kumene wojambula amakhalabe mwini ngakhale wachita kulembedwa ganyu ya tsiku limodzi, ndipo malangizo ambiri amene mungawerenge pa intaneti amachokera kumeneko. Lamulo la Zambia limati ntchito ikapangidwa ndi munthu wolembedwa ntchito, kapena poitanitsidwa ndi munthu wina, mwini wake woyamba ndi bwanayo kapena woitanitsayo. Tsono ngati mkwatibwi kapena banja lake ndiwo anamuitana n'kumulipira, poyambira pake zithunzizo ndi zawo. Koma ojambula ambiri odziwa ntchito amasainitsa pangano lobweza umwini kwa iwo, n'kungolola banja kuti lisunge zithunzi ndi kuzionetsa kwa abale. Ngati pangano lotere lilipo, ndiye likulamula. Ndipo ngati ndi mmodzi mwa ojambula aja amene amangofika pamwambo osaitanidwa, kujambula alendo n'kumagulitsa zithunzi pakhomo, mwini ndi iyeyo basi, ngakhale mkwatibwi anagula kope lake. Kugula chithunzi chosindikizidwa si kugula umwini wake.

Onani kuti m'njira zitatu zonsezi palibe imene ikukupatsani inu umwini. Kusoka diresi sikukupangani mwini wa chithunzi cha diresilo. Choncho chithunzicho chibiseni kaye lero, kuti wojambulayo asafike polemba dandaulo ku Facebook. Kenaka imbirani mkwatibwi mumufunse amene anaitana wojambula ndi ngati panali pepala. Mukatero mulembere wojambulayo mwaulemu, mwachitsanzo motere: "Bambo, chithunzi chija ndachichotsa pamene tikukambirana. Ndikufuna kuchigwiritsa ntchito pa Facebook, Instagram ndi TikTok ya shopu yanga kwa miyezi 12, ndi dzina lanu lolembedwa pansi. Mungandilole pa mtengo wanji?" Uthengawu watchula malo, nthawi ndi cholinga, zomwe ndi zinthu zitatu zimene chilolezo chilichonse chiyenera kukhala nazo. Mukafuna kudzachisindikizanso pa fulaya kapena pa chikwangwani cha pakhomo la shopu, zitchuleni pomwepo, chifukwa kulola intaneti si kulola chikwangwani.

Ambiri mwa ojambulawa chimene chimawapweteka si ndalama kwenikweni. Ndi kuona dzina lawo, limene amalemba pakona ya chithunzi, litadulidwa kapena litaphimbidwa ndi logo ya wina. Ngati munadula dzinalo kuti chithunzi chikwane pa sikirini, yambani ndi kupepesa pamenepo. Ndipo ganizirani izi: wojambula wa maukwati ndi telala wa maukwati amasaka kasitomala mmodzi yemweyo. Pangano loti iye akupatseni zithunzi zitatu za diresi lililonse limene mwasoka, inu muzimutchula ndi kumulozera akwatibwi anu, lingakupindulireni nonse kuposa ndalama ya kamodzi. Koma nalonso lilembedwe.

Ngakhale wojambula alole, mkwatibwi ayenera kulola payekha. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza uthenga uliwonse umene ungazindikiritse munthu, ndipo chithunzi cha nkhope chili m'gulu limenelo. Kuti kasitomala anakutumizirani chithunzi pa WhatsApp n'kulemba kuti "amayi mwandikongoletsa" sizitanthauza kuti wavomera kukhala chikwangwani cha shopu yanu. Pa kitchini pate nkhaniyi imakula, chifukwa ndi mwambo wa azimayi, pamakhala alangizi ndi apongozi, ndipo pali zovala ndi mavinidwe zimene banja silifuna kuti zionedwe ndi aliyense wa pa intaneti. Mufunseni momveka: "Kodi ndingaike chithunzi ichi pa peji ya shopu, ndipo ndingalipire kuti chifike kwa anthu ambiri?" Yankho lake lisungeni. Akadzasintha maganizo, ali ndi ufulu wobweza chilolezo chake, ndipo muchotse osakangana naye. Ngati m'chithunzimo muli ana, monga tiatsikana toperekeza mkwatibwi, wolola ndi kholo kapena womulera. Alendo ena amene akuoneka kumbuyo ndi bwino kuwadula.

Njira yosavuta kuposa zonsezi ili m'manja mwanu kale. Diresi lisanatuluke m'shopu, livekeni pa chidole chosokera, kapena kasitomala akabwera kudzayesa komaliza mumupemphe, mujambule nokha ndi foni yanu pafupi ndi khomo pamene pali kuwala kwa dzuwa. Chithunzi chimene mwajambula nokha ndi chanu. Chimene wajambula mtsikana amene munamulemba ntchito m'shopu, monga mbali ya ntchito yake, ndi chanunso. Ena amajambula kuyambira m'khosi kutsika, nkhope osaoneka, komabe ngakhale apo funsani, pakuti diresi la mkwatibwi anzake amalizindikira. Mukhozanso kuonjezera mzere umodzi m'buku lanu la maoda, pamene mumalemba miyeso ndi dipoziti, woti kasitomala asankhe ngati akulola kujambulidwa kapena ayi, n'kusaina.

Za Pinterest ndiyankha mwachidule chifukwa yankho lake n'lachidule. Pinterest, monganso Google, si mwini wa zithunzi zimene imaonetsa, choncho singakupatseni chilolezo. Kusunga chithunzi m'foni kuti muonetse kasitomala muli awiri, mukambirane za mkono kapena khosi la diresi, ndi nkhani ina. Kuchiika pa fulaya kapena pa peji, pansi pake pali dzina la shopu yanu ndi nambala yanu, ndi kukopa ntchito ya wojambula wina ndi telala wina, kawirikawiri wa ku Lagos kapena ku Accra, ndipo ena a iwo amafufuza zithunzi zawo. Palinso vuto lachiwiri limene ndimaliona kukhala lalikulu: woona fulayayo akhulupirira kuti diresilo munasoka ndinu. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kusocheretsa ogula, ndipo ngakhale nkhaniyo isafike ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, kasitomala amene walandira chosiyana ndi chithunzi amakalengeza yekha m'magulu a pa Facebook. Ngati sitayilo mwaikonda, isokeni m'njira yanu ndi nsalu yanu, mujambule chimene chatuluka m'manja mwanu.

Mukafuna zithunzi zongokongoletsa fulaya, monga maluwa kapena ulusi ndi singano, masamba a Unsplash, Pexels ndi Pixabay amalola kugwiritsa ntchito zithunzi zawo pa malonda osalipira. Malire ake ndi akuti chilolezocho ndi cha wojambula, sichikutsimikizirani kuti munthu wooneka m'chithunzimo anavomera, choncho pewani nkhope, makamaka pamene zingaoneke ngati munthuyo ndi kasitomala wanu. Mukapeza chithunzi cha laisensi ya Creative Commons, imene mwini amalolera nayo anthu kugwiritsa ntchito chithunzi chake potsatira malamulo ena, yang'anani zilembo zake. BY akutanthauza kuti mutchule mwini, NC akutanthauza kuti si cha malonda, ndiye cha NC musachiike pa fulaya ya shopu.

Pa zojambula za pa nsalu, kusoka diresi ndi chitenge chimene mwagula n'kulijambula ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, musade nayo nkhawa. Pamene pamavuta ndi pamene mwatenga maluwa a chitenge cha kampani ina n'kukawadinditsa pa nsalu yanu kapena pa matisheti, kapena mwadinda baji ya timu ya mpira, chizindikiro cha kampani yotchuka ya zovala, kapena zidole za m'makatuni pa zovala za ana n'kumazitsatsa. Apo mwakhudza umwini wa chojambula komanso chizindikiro cha malonda, ndipo makampani akuluakulu ndi amene amalemba madandaulo ambiri ku Facebook ndi Instagram. Ndionjezerepo chinthu chimodzi chimene chimatikhudza ife Achewa. Zithunzi za Gule Wamkulu, kaya zojambulidwa ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kaya kumudzi, si zokongoletsera fulaya ya malonda. Kupatula mwini chithunzi, dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, eni mwambo ali ndi mawu pa nkhaniyi.

Chotsala ndi mnyamata amene amakupangirani mafulaya m'tauni. Positi ikadandauliridwa, peji imene imalangidwa ndi yanu, iye dzina lake silioneka paliponse. Choncho pa fulaya iliyonse mufunseni kuti chithunzi chilichonse wachitenga kuti, ndipo akutumizireni linki yake. Akayankha kuti "pa Google", chithunzicho chichoke. Ngati amagwiritsa ntchito Canva, zithunzi ndi zokongoletsa za mmenemo n'zololedwa pa mafulaya ndi mapositi a malonda, koma malamulo a Canva salola kuti zojambula zawo zokonzeratu zikhale chizindikiro cha malonda cholembetsedwa, popeza anthu ena ambirimbiri akugwiritsa ntchito zomwezo. Ngati logo ya shopu yanu ndi kachithunzi ka makina osokera kotengedwa mmenemo, ndipo mukulingalira zodzailembetsa ku PACRA kuti wina asaitenge, mupangitse ina yojambulidwa kuchokera poyambira. Polipira, alembe kuti logoyo waijambula yekha ndipo ndi ya shopu yanu, akupatseninso mafayilo ake oyambirira amene angasinthidwe, osati chithunzi chokha chotumizidwa pa WhatsApp.